Omasulira Amene Amapha Miyambi

Pamsonkhano uliwonse pamene pakumana olankhula Chingerezi ndi olankhula Chichewa, pamaima munthu wina pambali pa wolankhula, ndiye womasulira. Ntchito imeneyi si yachilendo m'Malawi. Dr. Kamuzu Banda atabwerera kwao m'chaka cha 1958, ankalankhula kwa anthu m'Chingerezi, ndipo mawu ake ankafika m'makutu a anthu akumudzi kudzera pakamwa pa omasulira, monga a John Msonthi ndi a John Tembo. Kufikira lero omasulira amafunika m'makhoti, m'matchalitchi ndi pamisonkhano ya chitukuko. Ambiri a iwo amayenda bwino malinga ngati nkhani ili ya misewu, ya msonkho kapena ya feteleza. Koma wolankhula akangoponya mwambi, pomwepo ambiri amapunthwa, ndipo chomvetsa chisoni nchakuti sadziwa kuti apunthwa.

Mlandu wa omasulira otere ndi uwu: amayesa kuti mwambi ndi mawu chabe, pamene mwambi ndi chida chogwirira ntchito. Munthu wamkulu saponya mwambi kuti akometse nkhani. Amauponya kuti achenjeze, kuti adzudzule mnzake popanda kumchititsa manyazi, kuti atonthoze olira, kapena kuti atseke mtsutso. Womasulira amene wapereka mawu onse a mwambi, koma ntchito yake yatsala m'mbuyo, wamlanda wolankhula uja chinthu chimene anadzera pamsonkhano.

Chitsanzo chimodzi chionetsa bwino kulakwa kumeneku. Pamudzi wina anthu asonkha ndalama zokonzera mjigo, koma ndalamazo zasowa m'manja mwa msungichuma, amene ali mphwake wa mfumu yaikulu ya deralo. Kwafika mlendo wa ku bungwe lothandiza, wosamva Chichewa, ndipo wafunsa chifukwa chake mjigo sunakonzedwe. Mfumu yaikulu ili pampando pomwepo. Nyakwawa yaimirira, yapereka ulemu, ndipo yati: "Bwana, ndalama tinasonkha ndithu, koma akuluakulu anati khoswe akakhala pamkhate sapheka." Anthu onse amva. Mkhate ndi mbiya yaikulu ya dothi, ndipo woponya chibonga kuti aphe khoswe aswa mkhatewo. Nyakwawa yanena kuti wolakwa akudziwika, koma kumlanga kuwononga chinthu cha mtengo wapatali, ndicho ubale ndi ulemu wa mfumu. Yanena zonsezi osatchula dzina la munthu.

Womasulira wina angotembenuza mawu amodziamodzi, nauza mlendoyo za khoswe ndi mbiya. Mlendo amwetulira, poyesa kuti ndi nthabwala, kapena alemba m'kabuku kake kuti makoswe avuta m'mudzi muno. Womasulira wachiwiri aona kuti mwambi ngovuta, naulumpha, nati: "Akunena kuti pali zovuta zina." Mlendo abwerera osadziwa kanthu, ndipo nyakwawa yalimba mtima pachabe. Womasulira wachitatu, pofuna kuonetsa kuti amadziwa zinthu, avundukula zonse, nati: "Akunena kuti mphwake wa mfumu anaba ndalama, ndipo anthu akuopa kumgwira." Ameneyu ndiye woipa koposa onse. Waika m'kamwa mwa nyakwawa mawu amene iyo inawapewa dala, ndipo popeza pamsonkhano sipalephera achinyamata omva Chingerezi, mawuwo afika kwa mfumu dzuwa lisanalowe. Nyakwawa idzayankha mlandu wa mawu amene sinanene.

Womasulira wodziwa ntchito yake achita zinthu zitatu zazifupi. Poyamba adziwitsa mlendo kuti mawu akudzawo ndi mwambi wa makolo, kuti asawamve ngati nkhani ya makoswe enieni. Kenaka apereka chithunzi chonse, nawonjezera chimene Mchewa aliyense amachidziwa kale, koma mlendo sachidziwa: kuti womenya khosweyo aswa mbiya. Potsiriza aika chiganizo chimodzi chokha cha tanthauzo, chakuti pali olakwa ena amene kuwakhudza kumagwetsa zinthu zazikulu. Pamenepo aleka. Mlendo wanzeru azindikira kuti pali nkhani yofunika kuifunsa mseri, ndipo chophimba chimene nyakwawa inaika pa mawu ake chatsala chosang'ambika. Muyeso wake ndi uwu: mlendo amve zimene mlendo womva Chichewa akadamva, osachepetsa ndiponso osapitirira.

Pochokera ku Chingerezi kupita ku Chichewa, njira yabwino kawirikawiri ndiyo kusinthanitsa mwambi ndi mwambi unzake. Angerezi ali ndi mwambi wonena kuti mbalame imodzi ili m'manja iposa ziwiri zili m'tchire. Mawuwo atatembenuzidwa amamveka ndithu, koma sagunda mtima wa munthu. Womasulira akati, "Fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ngwamphepo," nkhalamba zonse zigwedeza mitu, pakuti zinaonapo fodya wofwenkha akuuluzika pachala. Chimodzimodzi Mngerezi akadandaula kuti ophika ambiri amawononga msuzi, Mchewa ali nawo wake wakuti mbewa zikachuluka siziika masa. Akanena kuti si zonse zonyezimira zili golide, yankho lake ndi chikomekome cha nkhuyu, mkati muli nyerere. Zithunzi nzosiyana, koma ntchito ndi imodzi.

Komabe njira imeneyi ili ndi msampha wake, umene umakola makamaka omasulira othamanga. Miyambi iwiri ikhoza kufanana nkhope koma nkusiyana mtima. Angerezi amati galu wokalamba saphunzitsika masewera atsopano, kutanthauza kuti munthu wamkulu savomera kusintha. Womasulira wongomva za galu wokalamba akhoza kukumbukira msanga mwambi wakuti galu wamkota sakandira pachabe. Koma mwambi umenewu umatamanda munthu wamkulu, kunena kuti iye sachita kanthu popanda chifukwa. Tsono mlangizi wa zaulimi amene amadandaula kuti akuluakulu akukana njira zatsopano, amveka ngati akuwayamikira pa kukana kwaoko. Anthu aomba m'manja, iye nakondwa, osadziwa kuti mawu ake atembenuzidwa chadodolido. Mwambi woyandikira ku cholinga chake ukadakhala wakuti kuongola mtengo mpoyamba, umene unena za kuvuta kwa kusintha munthu wokhwima popanda kuyerekeza nkhalamba ndi galu pamaso pa adzukulu ake.

Zining'a nazonso zili ndi msampha womwewo, ndipo nzoopsa koposa chifukwa sizidziwitsa kuti zafika. Mwambi umabwera ndi mawu otsogolera akuti "akuluakulu anati," koma chining'a chimangolowa m'chiganizo ngati mawu wamba. Mayi wopempha chithandizo akati, "Ndagwira mwendo wanu," wapempha modzichepetsa kwambiri. Kwa Angerezi kukoka munthu mwendo ndiko kumseleula, tsono womasulira wosasamala akhoza kusandutsa pempho la misozi kukhala chinthu choseketsa. Mkulu akati anamtsina khutu mnyamata, wanena kuti anamchenjeza mwachikondi, koma mlendo womva mawu okhawo ayesa kuti mnyamatayo anapatsidwa chilango. Pa chining'a chithunzi chilibe phindu kwa mlendo. Chofunika ndi tanthauzo, loperekedwa ndi ulemu wolingana ndi umene wolankhula anaonetsa.

Alipo ena amene amatsutsa zonsezi. Iwo amati womasulira ndi kamwa chabe, ndipo kuika fodya pamene wolankhula anatchula mbalame ndiko kunama. Mawu awo ali ndi choona pang'ono, ndipo malo awiri ayenera kuvomerezedwa. Oyamba ndi m'khoti. Kumeneko woweruza amayesa mawu enieni a mboni, ndipo munthu woimbidwa mlandu woopseza mnzake akhoza kumangidwa kapena kumasulidwa chifukwa cha liwu limodzi. Ngati mboni yati woimbidwa mlandu ananena kuti "chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe," womasulira apereke mawuwo monga ali, anene kuti ndi mwambi, ndipo afotokoze tanthauzo lake lodziwika, lakuti tsoka la mnzako likhoza kukugwera iwenso. Kugamula ngati linali chenjezo kapena chiopsezo ndi ntchito ya woweruza. Malo achiwiri ndi pamene wolankhula amanga nkhani yake yonse pa chithunzi cha mwambi. Akayamba ndi mbalame ya m'manja, napitiriza kunena za nthenga zake ndi kuuluka kwake, womasulira amene anasankha fodya asowa polowera, pakuti fodya alibe mapiko. Pamenepo kuli bwino kusunga mbalameyo kuyambira pachiyambi, ndi kuika mwambi wa fodya kumapeto monga chomangira.

Koma kunja kwa malo awiriwa, kukakamira mawu amodziamodzi si kukhulupirika ayi. Kawirikawiri ndi ulesi wobisala m'dzina la kukhulupirika. Wolankhula sanabwere kudzaphunzitsa anthu za mbalame za ku Ulaya. Anabwera kudzawakopa kuti achite chinthu china, ndipo womasulira amene wasiya anthu ali chete, osakopeka, walephera ntchito imene anaitanidwira.

Kulephera kumeneku kumaoneka ndi maso. Achewa akamva mwambi woponyedwa pamalo pake samangokhala duu. Wolankhula akati "walira mvula," khamu limatsiriza lokha kuti "walira matope." Amayi amang'ung'udza movomereza, abambo amagwedeza mitu. Tsono ngati omva Chingerezi aseka kapena avomereza, koma mawu atamasuliridwa enawo angoyang'anana, mwambi wafera panjira. Ngati aseka pamene wolankhula sanafune kuseketsa, chining'a chatembenuzika. Womasulira woona zimenezi asachite manyazi kubwereza chiganizocho m'njira ina nthawi yomweyo, wolankhula asanapite patali.

Mlanduwu suli pa omasulira okha. Okonza misonkhano amatha masabata akukonza mipando ndi chakudya, koma womasulira amamtola m'khamu tsiku lomwelo, chifukwa chakuti anapitako kusukulu. Wolankhula naye amaumira pepala lake ngati chinsinsi. Chikhala kuti womasulira apatsidwa pepalalo dzulo lake, akadachonga miyambi ndi zining'a zonse, nafunsa mwini wake cholinga cha uliwonse, naonanso ngati chithunzi chake chibweranso kutsogolo. Akadapita kwa nkhalamba ya pamudzipo kukayesa mwambi umene wasankha, pakuti mwambi wodziwika ku Dedza ukhoza kukhala wachilendo ku Nsanje. Ngakhale mawu osalembedwa, monga a nyakwawa ija, akhoza kukambidwa pang'ono msonkhano usanayambe. Ntchito yonseyi siposa ola limodzi. Womasulira wokana kufunsa, poopa kuoneka wosadziwa, akumbukire kuti safunsa anadya phula, ndipo pamsonkhano phulalo sadya yekha: amadyetsanso wolankhula pamodzi ndi khamu lonse limene linasiya makasu kudzamvera.