Wotumiza ndalama molakwika akadandaule ku kampani, asavutitse mayi wa usipa

Kuyambira ku Benga, kudutsa pa Chia ndi pa boma la Nkhotakota, mpaka kukafika ku Dwangwa, ndalama za nsomba masiku ano zimayenda pa foni. Mayi amakweza matumba a usipa wouma pa galimoto m'mawa, wogula ku Lilongwe kapena ku Kasungu n'kulipira madzulo kudzera pa Airtel Money kapena Mpamba. Mwini boti amatumiza za mafuta a injini pa foni, ndipo mnyamata wa chilimira akagawiridwa zake amatumiza kwa amake pa foni yomweyo. Munthu wa kunyanja akamva foni yalira kuti walandira ndalama sadabwa, chifukwa nthawi zonse pamakhala wina amene akuyembekezera kuti amulipire. Akathyali amadziwa zimenezi, ndipo n'chifukwa chake bodza la "ndatumiza molakwika, chonde ndibwezereni" likudya anthu m'madoko mwathu.

Chimene chimandiwawa ndi momwe timawanenera obedwawo. Timati ndi mbuli, timati anagona. Komatu kuba kumeneku n'kosiyana ndi kuja kokuuza kuti wapata mphoto pa mpikisano umene sunalowe. Kuja kumakola wadyera. Uku kumakola munthu woopa kudya za mwini, amene analeredwa kuti ukatola chinthu umabweza. Kumuseka munthu wotere n'kuwauza ana athu kuti kukhulupirika ndi uchitsiru. Chofunika n'kumuonetsa pamene bodzalo limaonekera, chifukwa limaonekera ndithu.

Tiyerekeze mayi wogulitsa nsomba pa Chia. M'foni mwake muli K140,000 imene wasonkhanitsa sabata yonse yoti akapikulire usipa mawa m'mamawa. Masana ali pa thandala, uthenga walowa: walandira K85,000 kuchokera kwa munthu wa dzina lachilendo, ndipo ndalama zake zonse tsopano zakwana K85,420. Asanamalize n'kuwerenga komwe, foni yalira. Bambo wa mawu aulemu akupepesa kuti waphonya nambala imodzi, ndalamayo inali ya bokosi la maliro, thupi likudikira kuchipatala, ndipo abale akumuyang'ana iyeyo. Akuti, "Mayi anga, chotsanipo K5,000 ya sopo, mundibwezere K80,000 yokha. Mulungu akudalitsani."

Taonani masamu ake. Mayiyu anali ndi K140,000. Akanalandiradi K85,000, uthenga ukananena kuti tsopano ali ndi K225,000. Wakuba sadziwa kuti m'foni mwanu muli zingati, choncho amangopeka, n'kuikapo timakwacha tapamwamba kuti zioneke zenizeni. Chizindikiro ichi n'champhamvu kwambiri, koma chimathandiza yekhayo amene amakumbukira zimene anali nazo. Wamalonda aliyense amadziwa kuchuluka kwa ndalama zimene wamanga pa nsonga ya chitenje, ndipo za m'foni ayenera kuzidziwa chimodzimodzi.

Kenako yang'anani pamwamba pa uthengawo, pamene pamalembedwa wotumiza. Uthenga weniweni umabwera m'dzina la kampani, ndipo umakagwera pamodzi ndi mauthenga ena onse akale a ndalama zimene munalandira ndi kutumiza. Wabodza umabwera ndi nambala wamba yoyamba ndi 099 kapena 088, ngati ya mlamu wanu, ndipo umakhala paokha. Wakubayo amangotenga uthenga weniweni wakale, n'kusintha dzina, tsiku ndi kuchuluka kwa ndalama. Pa kafoni ka mabatani, dzuwa likuswa mtengo, manja ali ndi mamba a nsomba, n'kosavuta kuwerenga za m'kati osayang'ana pamwamba.

Koma musadalire dzina lokha. Kunyanja mafoni amagona kotchaja, amabwerekedwa kwa wongodutsa woti "ndingoimbako kamodzi". Munthu wagwira foni yanu mphindi imodzi akhoza kusunga nambala yake m'foni mwanumo pansi pa dzina la kampani, ndipo tsiku limene adzatumize uthenga, dzina lidzaoneka lolondola. Maejenti ndi amene ayenera kusamala kwambiri ndi chinyengo chimenechi, poti foni yawo imagwiridwagwiridwa ndi makasitomala. Umboni umodzi wokha umene wakuba sangaupange ndi balansi imene mwafunsa nokha. Dulani foni, imbani *211# ngati muli pa Airtel Money kapena *444# ngati muli pa Mpamba, lowetsani nambala yanu yachinsinsi, muone. Mayi wa pa Chia uja akatero apeza K140,000 yake ili chikhalire, palibe tambala imene yawonjezeka. Akatumiza K80,000 ija, ndiye kuti watapa pa mpamba wake, ndipo mawa akapikula ndi K60,000 yosakwana, poti ndi yotumizira yomwe adzamudula.

N'chifukwa chake bambo uja safuna kuti foni idulidwe. Amalira, amapempha, amatchula Mulungu, ndipo mukazengereza amasanduka mkango, n'kuyamba kuopseza za apolisi. Nyali ya siginala imasonkhanitsa usipa pamalo amodzi kuti usaone khoka limene likuuzinga, ndipo maliro a bodza aja amagwira ntchito yomweyo: maganizo onse akhale pa chisoni, osapeza mpata wofunsa balansi. Mukanena kuti ndalama sizikuoneka, yankho amakhala nalo kale, akuti ndi netiweki, zioneka pakapita ola. Zimenezi si zoona. Uthenga ukhoza kuchedwa ndalama zitafika kale, koma uthenga wa kampani sungabwere ndalama zisanalowe. Samalaninso akakupatsani nambala ina yoti mubwezereko, ponena kuti iyi ndi ya mkazi wake kapena ya wopala mabokosi. Amene walakwitsadi amafuna ndalama ibwerere kumene yachokera. Ena amakuuzani manambala oti muzidina limodzi ndi limodzi iwo ali pa foni, ndipo pomaliza mumapezeka kuti mwatapa ndalama kwa ejenti amene ali kutali, iye wakuba ataima pompo kudikira kulandira. Ena amatsatizapo foni yachiwiri, ya munthu wodzitcha wa ku kampani, wofuna nambala yanu yachinsinsi kuti "akonze vutolo". Wogwira ntchito ku kampani safunsa nambala yachinsinsi, ndipo woifunsa ndi mbala basi.

Wina anena kuti, nanga amene walakwitsadi? Alipo ambiri. Msodzi amene wachezera usiku wonse panyanja akhoza kuphonya nambala, ndipo ndalama yake n'kugweradi m'foni mwanu. Ndalama imeneyo si yanu, ndipo kuidya ndi kuba. Komabe ngakhale apa ndikuti musabweze ndi dzanja lanu. Muuzeni kuti, "Ndalama ndaiona, sindiikhudza. Kadandauleni ku kampani aibweze okha." Makampani onse awiri ali ndi njira yobwezera ndalama yopita kolakwika, ndipo wotumizayo ali ndi nambala ya umboni pa uthenga wake imene akapereke. Mukabweza nokha, iye n'kukadandaulanso ku kampani, mudzakhala ndi ntchito yofotokoza kuti munabweza kale, ndipo ngati munabwezera ku nambala ina, mudzafotokoza bwanji? Palinso ndalama zobedwa kwa munthu wina zimene amazidutsitsa m'foni mwanu kuti asokoneze mapazi. Apolisi akamadzalondola, nambala yoyamba kuipeza idzakhala yanu. Wolakwitsa weniweni amavomera kupita ku kampani ngakhale monyinyirika. Wakuba akangomva mawu oti kampani amatukwana kapena kudula foni.

Tsono ndifike pa amene ali ndi mphamvu. M'chaka cha 2018 tinaima pa mizere kulembetsa masimukhadi athu ndi ziphaso zaunzika, bungwe la MACRA litalamula potsatira lamulo la zofalitsa mauthenga la 2016. Anatiuza kuti nambala iliyonse idzakhala ndi mwini wodziwika. Nanga zikutheka bwanji kuti nambala imodzi iimbire anthu ambirimbiri ndi nkhani ya maliro omwewo? Apolisi ndi manyuzipepala akhala akunena kwa zaka zambiri kuti ena mwa mafoni amenewa amachokera m'ndende, makamaka ya Zomba. Mkaidi foni waipeza kuti, simukhadi yalembetsedwa pa chiphaso cha yani, ndipo ndalama amakamutapira ndani? Mafunso amenewa si a mayi wa pa Chia. Ndi a akuluakulu a ndende, a MACRA, a banki yaikulu ya Reserve imene imayang'anira ndalama za pa foni, ndi a makampani amene amadula kangachepe pa ndalama iliyonse yoyenda, kuphatikizapo yopita kwa wakuba.

Makampaniwa amatumiza machenjezo, n'zoona, ndipo pa wailesi amalengeza. Koma uthenga wotsimikiza kuti walandira ndalama, umene munthu akuyenera kuusiyanitsa ndi wabodza, umabwera m'Chingerezi chofupikitsidwa. Mayi amene sanapite patali ndi sukulu amangogwira chiwerengero chachikulu ndi dzina, zina zonse amadumpha. Chovuta n'chiyani kulemba uthengawo m'Chichewa, n'kuika balansi poyambirira pamene diso limafikira? Chovuta n'chiyani kuti munthu akamatumiza ndalama zambiri ku nambala imene sanatumizeko chiyambire, foni imufunse m'chilankhulo chake ngati wayamba waona balansi? Ndipo nambala imene anthu angapo aidandaula tsiku limodzi iyenera kutsekedwa tsiku lomwelo, ndalama zake zisanatapidwe.

Amene wabedwa kale asabise chifukwa cha manyazi. Ndalama ikadali mu akaunti ya wakuba ikhoza kugwidwa, koma ikatapidwa kwa ejenti n'kovuta kuipezanso, ndipo anthu amenewa sachedwa kutapa. Imbani ku kampani nthawi yomweyo, kapena thamangirani ku shopu yawo. Musafufute uthenga wabodza uja, ngakhale wa ndalama imene mwatumiza, chifukwa pali nambala ya wakuba, nthawi ndi nambala ya umboni. Mukatero pitani nazo ku polisi ya Nkhotakota kapena ya Nkhunga, mlandu ulembedwe.

Makomiti oyang'anira madoko amakumana kukambirana za maukonde oletsedwa ndi nyengo yotseka nyanja. Pa misonkhano yomweyo aitane ejenti wa pamalopo, aike uthenga weniweni ndi wabodza pa mafoni awiri, mayi aliyense agwire, ayerekeze pamwamba ndi pa balansi ndi maso ake. Makampani alipire tsiku la ejenti ameneyo, ndipo ayambire pa Chia.