Magazini yovomera kafukufuku wabodza imadziwika bwanji?

M'chaka cha 2013 mtolankhani wa zasayansi, John Bohannon, adapeka kafukufuku wonena kuti mankhwala ochokera ku ndere amaletsa khansa kukula, ndipo adamutumiza ku magazini 304 a kafukufuku omwe amawerengedwa kwaulere pa intaneti, pamene olemba ndiwo amalipira. Zolakwika adaziikamo dala, moti chithunzi cha zotsatira chinkatsutsana ndi mawu olembedwa pansi pake, komabe magazini 157 adavomera kusindikiza, pamene 98 okha ndiwo adakana. Magazini otere amatchedwa olusa, dzina lomwe adalifalitsa Jeffrey Beall, yemwe adali woyang'anira nyumba ya mabuku ku Denver, chifukwa amatolera ndalama kwa olemba popanda kupereka ntchitoyo kwa akatswiri ena kuti aiunike isanasindikizidwe, pamene kuunikako ndiko kumapatsa wophunzira wa payunivesite chifukwa chotchulira nkhaniyo ngati umboni.

Kulipiritsa pakokha si mlandu, pakuti PLOS ONE, yomwe imalipiritsanso olemba, idakana kafukufuku wa Bohannon. Nambala za ISSN ndi DOI nazo sizitsimikizira kanthu, popeza yoyamba imangozindikiritsa magazini ndipo yachiwiri imangolozera komwe nkhani ili. Wachinyengo amazipeza mosavuta.

Chothandiza ndi kufufuza zomwe magazini ikudzinenera kwa omwe angazitsimikizire. Ikati ili m'kaundula wa Scopus kapena DOAJ, wophunzira asakhutire ndi chizindikiro chomatidwa patsamba lake, koma alembe ISSN m'kaundulamo ndi kuona ngati ikutuluka, ngati dzina la wosindikiza likugwirizana, ndiponso ngati chaka cha nkhaniyo chili m'zaka zomwe magaziniyo idali yovomerezeka, chifukwa ena amachotsedwa pakati panjira. Kenaka ayang'ane masiku awiri omwe kawirikawiri amalembedwa patsamba loyamba la nkhani, tsiku lomwe idalandiridwa ndi lomwe idavomerezedwa. Kupeza akatswiri, kudikira ndemanga zawo ndi kukonza zolakwika kumatenga masabata ambiri, nthawi zina miyezi, choncho nkhani yolandiridwa Lolemba nivomerezedwa Lachisanu ndi yokayikitsa, makamaka zikapezeka kuti nkhani zonse za m'kope limenelo zidayenda mofulumira chomwecho.

Kaundula nayenso ali ndi malire. Ena mwa magazini omwe adagwa mu msampha wa Bohannon adali mu DOAJ, yomwe pambuyo pake idakhwimitsa malamulo ndi kuchotsa magazini oposa 3,000 mu 2016, ndipo ena adali a makampani akuluakulu monga Elsevier ndi Sage. Kumbali ina, magazini abwino ambiri a ku Africa sapezeka mu Scopus, kotero kuwataya pa chifukwa chokhacho n'kulakwa. Ambiri a iwo ali mu African Journals Online, ndipo akonzi ake ndi anthu opezeka pa mayunivesite omwe magaziniwo amatchula. Zonsezi zikachitika, wophunzira amatsalabe ndi ntchito yomwe magazini 157 aja adaithawa, yoyerekeza manambala a m'zotsatira ndi zomwe olemba akuti apeza.