Mwagula bizinesi ya bodza? Khoti limayamba lafunsa mtundu wa bodzalo

Akuluakulu adati chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Mwambiwu umapherezera kawirikawiri pa malonda a magolosale, zigayo ndi malo odyera amene azungulira maesiteti a tiyi m'boma la Thyolo.

Bizinesi zimenezi zimadalira thumba la wothyola tiyi. Kuyambira Disembala mpaka Epulo masamba amachuluka, maesiteti monga Satemwa, Makandi ndi Conforzi amalemba aganyu ambiri, ndipo ndalama imayenda. Chilimwe chikafika, aganyu ambiri amabwerera kumudzi, malonda n'kuzizira.

Tiyerekeze kuti munthu wagula golosale ku Bvumbwe mu Febuluwale pamtengo wa K12 miliyoni atauzidwa kuti imagulitsa katundu wa K3 miliyoni mwezi ulionse chaka chonse. Pofika Julayi akupeza kuti malonda sakufika ndi theka lomwe. Golosaleyo mtengo wake weniweni ndi K7 miliyoni, ndipo iye wataya kale K1.5 miliyoni pa lendi ndi katundu woonongeka.

Malamulo a mgwirizano m'dziko muno adachokera ku Mangalande mu 1902, ndipo makhoti athu amaunikabe zigamulo za kumeneko. Malamulowa amagawa mawu osaona a wogulitsa m'magulu atatu.

Gulu loyamba ndi lachinyengo. Malinga ndi mlandu wa Derry ndi Peek wa 1889, apa wogulitsa amanena chinthu akudziwa kuti n'chabodza, kapena osasamala n'komwe ngati n'choona. Chitsanzo ndi woonetsa mabuku a miyezi ya dzinja yokha n'kubisa a chilimwe.

Wogula ali ndi ufulu wothetsa mgwirizano, kubweza golosale n'kulandira K12 miliyoni yake, komanso chipukutamisozi pa zina zimene wataya. Akafuna kukhala nayo golosaleyo, angathe kuitanitsa K5 miliyoni imene adalipira mopyola, kuphatikiza K1.5 miliyoni ija, zonse K6.5 miliyoni.

Izi zidakhazikika mu 1969 pamlandu wa Doyle ndi kampani ya Olby. Doyle adagula sitolo ya zitsulo atauzidwa kuti makasitomala onse amabwera okha pakauntala, chonsecho pafupifupi theka la malondawo linkafuna munthu woyendayenda. Khoti la apilo lidakweza chipukutamisozi kuchoka pa mapaundi 1,500 kufika pa 5,500, ponena kuti wachinyengo alipire zonse zimene bodza lake labweretsa, ngakhale zimene sadaziganizire.

Vuto n'lakuti chinyengo chimafuna umboni wamphamvu. Kungoti "adandinamiza" sikukwanira. Pafunika mabuku obisidwawo, mauthenga a pafoni kapena mboni.

Gulu lachiwiri ndi lakusasamala. Wogulitsa amakhulupirira zimene akunena, koma sadafufuze pomwe ndiye anali ndi mabuku ndipo ankadziwa kuti wogula akudalira mawu ake. Mu 1976 kampani ya mafuta ya Esso idalipira Mardon chifukwa idamuuza kuti malo omwetsera galimoto azidzagulitsa magaloni 200,000 pachaka, osaganizira kuti mapampu aikidwa kuseri, kosaonekera kumsewu waukulu.

Apa napo wogula angathetse mgwirizano kapena kulandira chipukutamisozi, koma cha zotayika zokhazo zimene munthu wanzeru akadaziyembekezera. Khoti lingathenso kuchepetsa ndalamazo ngati wogulayo naye adalekerera.

Gulu lachitatu ndi la wolakwitsa mosadziwa, monga mayi wamasiye amene wangobwereza ziwerengero zimene wolemba mabuku wa malemu mwamuna wake adampatsa. Pamenepa palibe chipukutamisozi. Njira ndi imodzi: aliyense abweze cha mnzake. Ndiye kuti wogula wathu uja sangakhale ndi golosaleyo n'kumaitanitsanso K5 miliyoni.

Wogulitsa sangadziteteze ponena kuti wogula akadawerenga yekha mapepala. Mu 1881 loya wina, Redgrave, adagonja kwa Hurd ngakhale Hurd adapatsidwa mapepala a ofesiyo koma osawasanthula.

Komabe ufulu wothetsa mgwirizano suchedwa kutha. Umatha wogula akapitiriza malonda ngati palibe chachitika atadziwa kale zoona, akachedwa kwambiri, akasintha bizinesiyo moti singabwezedwe momwe inalili, kapena ikagulitsidwa kwa munthu wina wosadziwa kanthu.

Kuchedwa kumadyanso ndalama. Mu Novembala 2023 kwacha idagwa ndi 44 peresenti, kutanthauza kuti K12 miliyoni yobwezedwa pambuyo pake sikadagulanso golosale yofanana ndi yoyambayo.

Nthambi ya khoti lalikulu yoona milandu ya zamalonda, imene idayamba ntchito mu 2007 ku Blantyre, ili pafupi ndi Thyolo, koma mlandu umapepuka ngati mawu a wogulitsa adalembedwa. Wogula aitanitse mabuku a miyezi 12 yathunthu, ndipo chiwerengero cha K3 miliyoni chija chilowe m'pangano losainirana. Zikatero, chikapezeka chabodza, wogulitsa waswa pangano ndipo alipira, kaya adanama dala kaya sadadziwe.