Chikasu si cha nzimbe

Pali mawu amene amamveka m'minibasi za ku Ndirande, pa zitsime za ku Bangwe ndiponso m'misika ya ku Zingwangwa. Amati munthu maso ake akachita chikasu, mkodzo n'kuda, thupi n'kulefuka, asapite kuchipatala chifukwa jakisoni amupha. Angotafuna nzimbe, amwe madzi a shuga ndi zitsamba, chikasu chituluka ndi mkodzo. Mawu amenewa ine ndikuwatsutsa, chifukwa akuchedwetsa anthu amene akadachira.

Chikasu si nthenda imodzi. Ndi chizindikiro. Maselo ofiira a magazi akatha ntchito amasiya zinyalala zachikasu zimene chiwindi chimasefa n'kuzitumiza m'matumbo pamodzi ndi ndulu. Zinyalalazi zimadzadza m'magazi ngati maselo akusweka mochuluka, ngati chiwindi chatupa, kapena ngati njira ya ndulu yatsekeka. Maso amaoneka chimodzimodzi, koma mankhwala ake ndi osiyana kotheratu. Nanga nzimbe ikudziwa bwanji kuti vuto lili pati?

Tiyerekeze anthu awiri. Woyamba ndi mnyamata wa kabaza ku Machinjiri. Wakhala masiku atatu thupi likutentha, akunjenjemera, lero maso achita chikasu ndipo mkodzo wada ngati tiyi wopanda mkaka. Akhoza kukhala malungo aakulu amene akuswa magazi. Kuyeza kwa pachala kumatenga mphindi 15 kapena 20 basi. Malungo otere amachizidwa ndi jakisoni wa atesuneti, yemweyo amene anthu akumuopa. Anthu amaona wodwala wamwalira atabayidwa n'kunena kuti wamupha ndi jakisoni, osawerenga masiku amene anataya kunyumba.

Wachiwiri ndi mayi wa ku Chilomoni amene ali m'mwezi wachiwiri wa mankhwala a TB. Anamuuza kuti mkodzo udzafiira, ndipo ndi zoona: rifampisini amasintha mtundu wa mkodzo popanda vuto. Koma maso kuchita chikasu, nseru, kusanza ndi kusafuna chakudya ndi nkhani ina. Mankhwalawo akhoza kukhala akupweteka chiwindi. Mayiyu apite kuchipatala tsiku lomwelo, asanamwe mapiritsi ena, kuti adokotala ayeze magazi ndi kuona chochita. Akapitiriza kumwa n'kuwonjezerapo zitsamba, chiwindi chikhoza kuleka kugwira ntchito.

Ena anena kuti, "Koma achimwene anga anachira ndi nzimbe." Sindikukana kuti anachira. Kutupa kwa chiwindi kwa hepataitisi A, kobwera ndi madzi kapena chakudya choipitsidwa ndi chimbudzi, kawirikawiri kumatha kokha pakapita masabata angapo. Nzimbe inangopezeka pamenepo n'kulandira ulemu wa thupi limene linadzichiza lokha.

Ndiponso maso kuyera sikutanthauza kuti zatha. Kafukufuku amene anachitika ku Ndirande komweko anapeza kuti pafupifupi akuluakulu 5 mwa 100 alionse ali ndi kachilombo ka hepataitisi B. Dziko lathu linayamba kupereka katemera wake kwa makanda mu 2002, choncho ambiri obadwa chakachi chisanafike alibe chitetezo chimenechi. Kachilomboka kamatha kukhala zaka zambiri kakuwononga chiwindi mwakachetechete mpaka kuyambitsa khansa, komanso kamafalikira pogonana ndiponso kuchoka kwa mayi kupita kwa mwana. Mankhwala okagonetsa alipo, otchedwa tenofoviya, koma amapatsidwa kwa munthu amene wayezedwa.

Tsono muchite chiyani? Pitani lero kapena mawa m'mamawa pa chipatala chaching'ono cha kwanuko, kaya pa Ndirande, Bangwe, Chilomoni, Zingwangwa kapena South Lunzu. Pakafunika kuyeza zambiri akutumizani ku Queen Elizabeth. Tengani buku la kuchipatala ndi mankhwala onse amene mwakhala mukumwa, ma ARV, bakitilimu, ngakhale botolo la zitsamba. Musabise. Auzeninso ngati chimbudzi chayera kapena thupi likuyabwa, chifukwa zimenezo zimaloza ku njira ya ndulu.

Podikira, mowa ayi, kachasu ngakhale masese. Musagule panado wongomwa mwachisawawa, poti amadutsa m'chiwindi chomwecho chimene chikuvutika. Imwani madzi owiritsa kapena othira klorini, idyani phala ndi zipatso pang'onopang'ono, sambani m'manja ndi sopo, musaphikire ena, musabwerekane lezala kapena mswachi, ndipo gwiritsani ntchito kondomu.

Koma wodwala akayamba kusokonezeka, kugona tulo tosadzuka nato bwino, kusanza magazi kapena kuchita chimbudzi chakuda bii, musadikire kuti kuche. Chimodzimodzinso mayi woyembekezera kapena khanda akachita chikasu: pezani galimoto usiku womwewo. Inu amene mumalangiza odwala pa mudzi, achemwali, amalume, atsogoleri a mipingo, mukaona maso achikasu funso lanu loyamba likhale lakuti, "Mwayezetsa magazi?"