Mwana Wophunzira ku Chaina Afunika Nkhoswe, Osati Digiri Yokha

M'midzi yambiri ya kum'mawa muli mabanja amene anagulitsa ng'ombe ndi nshawa kuti mwana wao akwere ndeke kupita kukaphunzira ku Chaina. Makolo otere amawerenga zaka ndi zala, nayembekeza tsiku limene mwanayo adzatsika pa Lusaka atanyamula cikalata ca digiri. Koma mwana akafika, olemba nchito amamfunsa funso limene cikalataco sicingayankhe: kodi munagwirapo kuti? Funso limeneli liyenera kuyankhidwa mwana akali komweko, ndipo makolo ali ndi mbali yao pa kuliyankha.

Pakati pa maphunziro pali nthawi imene wophunzira amacoka m'kalasi napita kukaphunzira nchito pakampani, cimene ophunzira a kuno amacicha atachimenti. Kuno kwathu malo otere amapezeka kudzera mwa atsibweni a ku migodi, mkulu wa mpingo kapena mnzao wa bambo. Mwana wa Cichaina nayenso amayenda njira yomweyo, pakuti anthu a kumeneko amalemekeza kwambiri cimene amacicha gwanshi, ndiko kudziwana kumene kumamangidwa pa kuthandizana kwa zaka zambiri. Mlendo amafika wopanda ciliconse ca zimenezi. Angathe kulemba makalata makumi asanu opempha malo, osalandira yankho ngakhale limodzi, osati cifukwa cakuti ndi wopanda nzeru, koma cifukwa palibe munthu womucitira umboni. Kwathu mnyamata sapita yekha kukafunsira mbeta, amatuma nkhoswe. Wophunzira wacilendo afunikanso nkhoswe yotero, ndipo nkhosweyo amaiona tsiku ndi tsiku: ndi mphunzitsi wake.

Mwacitsanzo, taganizani za mnyamata wa ku Katete amene akuphunzira uinjiniya wa misewu ndi milatho, maphunziro a zaka zinai. Caka ca sukulu kumeneko cimayamba mu Sepitembala, ndipo chuthi cacitali cimakhala mu Julayi ndi Ogasiti. Malo ambiri a atachimenti a pa chuthi cimeneci amagawidwa miyezi ya Marichi, Epulo ndi Meyi. Mnyamata amene ayamba kufuna malo mu Juni wa caka cacitatu wacedwa kale. Amene adzapeza malo ndi uja anayamba m'caka coyamba, ndipo sanayambe ndi kupempha. Anayamba ndi kukhala kutsogolo m'kalasi, kufunsa mafunso phunziro litatha, ndi kudzipereka kunyamula zipangizo zopimira malo pamene mphunzitsi anali kupita ndi ophunzira ake aakulu kukapima. Ndi nchito yopanda malipiro, ndipo anzake amamseka kuti wasanduka mtengatenga. Koma aphunzitsi a uinjiniya kumeneko kawirikawiri amagwirizana ndi makampani omanga, ndipo ana amene anawaphunzitsa kale ndiwo ali m'maofesi a makampaniwo. Uthenga umodzi wa mphunzitsi wonena kuti “uyu ndi mwana wanga, muoneni” umaposa makalata makumi asanu aja.

Zonsezi zimayenda ndi cilankhulo. Ophunzira ambiri a ku Zambia amalowa maphunziro ophunzitsidwa m'Cingelezi, amagona m'nyumba za alendo okhaokha, amaphika nsima pamodzi, ndipo zaka zinai zimatha akudziwa Cichaina cogulira ndiwo pamsika cabe. Kukhala pakati pa abale n'kokoma, makamaka m'nyengo yozizira pamene mtima ukumbuka kumudzi, koma abale amenewo naonso ndi alendo, ndipo mlendo sangatsegulire mlendo mnzake citseko ca mwini nyumba. Pamalo omanga mlatho kapitao salankhula Cingelezi. Pali mayeso a cilankhulo ochedwa HSK, ndipo wophunzira amene wafika gawo lacinai angathe kumva malangizo a masiku onse. Amene wafika gawo lacisanu angakhale pamsonkhano wa nchito namva zambiri zimene zikukambidwa. Kholo limene likufunsa mwana za mamalikisi a masamu licita bwino kufunsanso kuti Cichaina wafika naco gawo liti.

Tsono mnyamata wa ku Katete ali ndi cuma cina cimene mnzake wa Cichaina alibe, ngakhale kuti iye mwini nthawi zambiri saciona: ndi mwana wa dziko la Zambia. Ubale wa maiko awiriwa pa zomangamanga ndi wakale. Njanji ya TAZARA inamangidwa kuyambira 1970 mpaka 1975. Migodi ya ku Chambishi ndi ku Luanshya ili m'manja mwa kampani ya boma la Chaina, ndipo malo opangira magetsi a Kafue Gorge Lower anamangidwa ndi kampani ya Sinohydro. Makampani amene ali ndi nchito mu Africa amasowa anthu odziwa uinjiniya amenenso angalankhule ndi mabwana m'Cichaina, ndi boma m'Cingelezi, ndi anchito m'Cinyanja kapena Cibemba. Conco n'kutaya nthawi kuti mnyamatayu apikisane ndi ana a eni dziko zikwizikwi pa kampani imene nchito zake zonse zili mkati mwa Chaina. Iye afunika kulemba maina a makampani khumi amene ali ndi nchito ku Zambia kapena maiko oyandikana nalo, apeze amene ali ndi ofesi mumzinda umene akukhala, ndipo apite ndi mainawo kwa mphunzitsi wake. Pempho lakuti “ndithandizeni kupeza malo” limalemetsa mphunzitsi. Pempho lakuti “kodi mudziwako munthu pa kampani iyi, imene ikumanga kwathu?” limayankhika msanga.

Mwai wina umabwera kawiri pa caka, mu Epulo ndi mu Okutobala, pamene cionetsero cacikulu ca malonda cimatsegulidwa mumzinda wa Guangzhou. Kumeneko kumasonkhana eni mafakitale ndi amalonda a mu Africa. Wophunzira amene apita kukaona ndi kudziwana ndi anthu amabwerako ndi maina ambiri. Machaina sadalira kwambiri makalata. Amalumikizana pa foni kudzera pa WeChat. Koma dzina losungidwa m'foni si ubwenzi. Limasanduka ubwenzi pamene wophunzira atumiza moni pa cikondwerero cao ca Caka Catsopano, kapena ayankha funso laling'ono lonena za misewu ndi nyengo ya mvula ya ku Zambia, asanapemphe kanthu kalikonse.

Malo akapezeka, patsala cinthu cimodzi cimene cagwetsa ambiri. Malamulo a Chaina amene anayamba kugwira nchito mu 2013 amanena kuti wophunzira wacilendo sangayambe atachimenti kunja kwa sukulu popanda cilolezo. Njira yake ili motere. Kampani imalemba kalata yomulandira, yokhala ndi cidindo cake cofiira. Wophunzira amapita nayo ku ofesi ya ophunzira acilendo pa yunivesite, ndipo ofesiyo ikavomera imalemba kalata yakeyake. Ndi makalata awiriwa pamodzi ndi pasipoti, amapita ku ofesi ya apolisi yoona za olowa ndi oturuka m'dziko, kumene amalemba pa cilolezo cake cokhalira m'dziko malo amene adzagwirako ndi nthawi yake. Zimenezi zimatenga masiku, motero afunika kuyamba milungu ingapo tsiku loyamba nchito lisanafike. Cilolezoco ndi ca malo amene alembedwapo okha. Akasamukira ku kampani ina, ayenera kuyambanso.

Wogwira nchito popanda cilolezo cimeneci amalipitsidwa ndalama za kumeneko zoyambira mayuwani 5,000 mpaka 20,000, ndipo mlandu ukakula amatsekeredwanso masiku 5 mpaka 15, mwinanso kuthamangitsidwa m'dziko. Wophunzira wa digiri yoyamba amene amathandizidwa ndi boma la Chaina amalandira mayuwani 2,500 pa mwezi. Ndiye kuti cilango cocepetsetsa cimadya cakudya ca miyezi iwiri, ndipo cacikulu cimadya ca miyezi isanu ndi itatu. Kampani yoongoka imadziwika ndi cinthu cimodzi: sikana kudinda kalata. Bwana amene anena kuti “yamba mawa, za mapepala tidzaona m'tsogolo” waonetsa kale kuti tsiku limene apolisi adzafika, iye adzati samdziwa mnyamatayo. Cimodzimodzinso munthu wopempha ndalama kuti apezere wophunzira malo. Kawirikawiri amagulitsa kalata cabe, yopanda nchito yeniyeni kumbuyo kwake.

Apa m'pamene makolo amalowa m'nkhani. Kumudzi anthu amaganiza kuti aliyense amene wakwera ndeke wafika pa nkhokwe ya ndalama. Uthenga umapita wakuti feteleza wakwera mtengo, mlongo wako wathamangitsidwa ku sukulu, malata aulutsidwa ndi mphepo. Mavuto amenewa ndi enieni, ndipo palibe angadzudzule mai wamasiye cifukwa cowachula. Koma mwana wogwidwa ndi manyazi amafuna ndalama zamsanga, ndipo njira imene imakhala pafupi ndiyo kuphunzitsa tiana Cingelezi mobisa madzulo. Nchito imeneyi ndi yoletsedwa kwa wokhala ndi cilolezo ca uphunzi, ndipo ngakhale asagwidwe, imadya maola omwe aja anayenera kuthera kwa mphunzitsi ndi pa cilankhulo. Atachimenti yeniyeni imalipira pang'ono, nthawi zina siilipira konse. Banja limene lipirira nyengo ziwiri popanda thandizo la mwanayo likuteteza ng'ombe zimene linagulitsa.

Ena adzati zonsezi n'zosafunika, popeza mwana angabwere kwao pa chuthi nadzacita atachimenti pa Lusaka kapena ku migodi, kumene atsibweni alipo. Mau amenewa ali ndi nzeru, ndipo kwa ena, makamaka ophunzira udokotala amene adzacilitsa matenda a kuno, kuphunzira m'zipatala za kwathu kuli ndi phindu lalikulu. Koma tikiti ya ndeke yopita ndi kubwera si ya banja lililonse, ndiponso yunivesite iyenera kuvomereza malowo mwana asananyamuke, apo ayi miyezi imeneyo siidzawerengedwa. Kwa mwinjiniya, mwezi umodzi pamalo omanga a ku Chaina umamuphunzitsa mmene mabwana amenewo amaganizira ndi kulamulira nchito, ndipo ndi mabwana omwewo amene adzawapeza akumanga misewu kuno.

Tsiku lotsiriza pa kampani lisanafike, mnyamata wa ku Katete ayenera kupempha kalata ya umboni yochula masiku amene anagwira, nchito imene anacita ndi dzina la womuyang'anira, yodindidwa ndi cidindo cofiira cija, ndipo ngati n'kotheka ikhale m'Cichaina ndi m'Cingelezi. Akakwera ndeke popanda kalatayo, kuitenga ali ku Zambia kumavuta, pakuti oyang'anira amasamutsidwa nchito ikatha. Pofika kuno, digiri yake idzapita ku bungwe la ZAQA kukatsimikiziridwa, ndipo iye adzalembetsa ku bungwe la mainjiniya la EIZ asanayambe nchito ya uinjiniya. Kalata ya cidindo cofiira idzayenda naye ku ofesi ya wolemba nchito, pamodzi ndi nambala ya foni ya kapitao amene angayankhe akafunsidwa za iye.