Sopo ndi mafuta a khanda lodwala ekizema

Ekizema, yemwe ambiri amamutcha chikanga, kawirikawiri amayamba mwana asanakwanitse miyezi 6. Amayambira m'masaya ndi pamphumi, kenako n'kufika m'manja ndi m'miyendo. Pa khungu lakuda saoneka wofiira monga mabuku ambiri amanenera. Malowo amatuwa, amadererapo, kapena amatuluka timatuza touma. Khungu lotere limataya madzi msanga ndipo limalowetsa mosavuta zinthu zoyabwitsa. Choncho sopo wabwino ndi amene sachotsa mafuta achilengedwe a pakhungu, ndipo mafuta abwino ndi amene amatsekera madzi m'kati.

Khungu la munthu lili ndi asidi pang'ono. Pa muyeso wa pH limakhala cha pa 5.5, pomwe sopo wamba wa mtanda amafika pa 9 kapena 10. Sopo wotereyu amasukuluza mafuta oteteza khungu, mwana n'kutuluka m'bafa ali mbuu, kenako kuyamba kudzikanda. Sopo wochapira zovala ndiye woipitsitsa. Sopo wopha majeremusi, yemwe makolo ena amathamangira poganiza kuti vuto ndi litsiro, amangowonjezera kuuma, chifukwa ekizema sabwera chifukwa cha uve ndipo sapatsirana. Chithunzi cha khanda pa paketi sichitsimikiza kanthu: sopo wambiri wa ana ali ndi mafuta onunkhiritsa, omwe ndi amodzi mwa zinthu zoyabwitsa kwambiri. Pa mndandanda wa zosakaniza amalembedwa kuti Parfum, ndipo sopo kapena loshoni wokhala ndi mawu amenewa ndi wosiya pashelefu. Chofunika ndi chosambira chosanunkhira, chopanda utoto, chosachita thovu lambiri. Ngati palibe, madzi ofunda okha akwanira pa thupi lonse, kupatula malo a thewera ndi m'makwinya a khosi.

Pa mafuta odzola, olimba amaposa amadzimadzi. Loshoni amakhala ndi madzi ambiri, amauma msanga, ndipo amafuna mankhwala omuteteza kuti asaonongeke, omwe nthawi zina amaluma pa khungu long'aluka. Kirimu ali pakati. Vaselini wosanunkhira, yemwe amapezeka ngakhale m'maokala, ndiye amatseka bwino khungu ndipo sakonda kuyabwitsa. Wa ana uja wonunkhira ngati paudala si ameneyu ayi. M'miyezi yozizira ya Juni ndi Julayi vaselini amagwira ntchito bwino, koma m'dzuwa la Okutobala amapakidwa pang'ono kapena usiku wokha, masana n'kugwiritsa ntchito kirimu, kuopa zidzolo za thukuta.

Akwiyasi kirimu amafuna chenjezo lakelake, poti ndi wotchipa ndipo ambiri amamuyesa wofatsa. Mitundu yake yambiri ili ndi mankhwala otchedwa SLS, omwe amapepusa khungu akakhalitsa. Mu 2013 bungwe loyang'anira mankhwala ku Britain linachenjeza za zimenezi. Angagwiritsidwe ntchito m'malo mwa sopo n'kutsukulidwa, koma osamusiya pa thupi. Mafuta a olivi nawonso amafooketsa khungu, ndipo mafuta a mtedza sayenera kupakidwa pa khungu long'aluka, chifukwa thupi la mwana likhoza kuyamba kudana ndi mtedza.

Kwa khanda la miyezi 4 lomwe masaya ake atuwa, mafuta atsopano amayamba kuyesedwa pa kamalo kakang'ono m'kati mwa mkono, n'kudikira tsiku limodzi kapena awiri. Pakapanda kutupa kapena kuyabwa, amapakidwa thupi lonse. Kusamba kumatenga mphindi 5 mpaka 10 m'madzi ofunda, osati otentha. Pomupukuta, tawulo imangogunditsidwa osakhula, ndipo mafuta amapakidwa nthawi yomweyo khungu likadali lonyowa pang'ono, motsatira kumene tsitsi lagonera. Amabwerezedwa kawiri kapena kupitirira pa tsiku. Mwana amene wagwidwa thupi lonse akhoza kutha magalamu 250 pa sabata, ndiye botolo lokhala miyezi itatu likusonyeza kuti akupakidwa mochepa. Mafutawo amatapidwa ndi sipuni yoyera, osati chala. Zovala ndi nsalu zimene zalowa vaselini zimayaka msanga, choncho khanda lisayandikire mbaula kapena kandulo.

Mafuta paokha sathetsa ekizema wokwiya. Pamenepo achipatala amapereka haidirokotizoni wa 1 peresenti kwa masiku ochepa. Makirimu ambiri oyeretsa khungu a pamsika ali ndi mankhwala amphamvu kwambiri a mtundu womwewo, ndipo amaononga khungu la khanda. Zilonda zikamatuluka madzi, zikamachita nkhanambo zachikasu, kapena mwana akatentha thupi, majeremusi alowa ndipo afunika kupita naye kuchipatala tsiku lomwelo. Ngati zidzolo zili m'zikhatho ndi kuphazi, ena m'nyumbamo akudzikandanso usiku, zikhoza kukhala mphere, zomwe zimafuna mankhwala ena, ndipo banja lonse limalandira pamodzi.