Oda ya ku Joni yafika pa Mpamba

Mlamu wanga amene amagulitsa ufa wa kondowole ndi usipa wouma pa msika wa Mpamba tsopano ali ndi webusaiti. Anamukonzera ndi mwana wa mchemwali wake amene akuphunzira ku Mzuzu. Pali zithunzi za ndowa ya ufa ndi mulu wa usipa, mitengo yake, ndi kabatani kobiriwira koti ukadina ukapezeka pa WhatsApp ya mwini katundu. Posakhalitsa uthenga unalowa kuchokera ku Joni: munthu akufuna makilogalamu 10 a ufa ndi makilogalamu 4 a usipa. Nthungululu inamveka mpaka pamene amaima maminibasi a ku Nkhata Bay, ndipo anzake a pa benchi anayamba kumutchula kuti bwana wa kampani.

Ine nthungululu imeneyi inandinyansa pang'ono. Si nsanje ayi. Chimene chimandipweteka ndi choti tinazolowera kuvina tikangomva mawu oti "kunja", ndalama isanalowe m'chikwama. Akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ngwa mphepo. Oda ya pa foni ndi fodya wa pachala, ndipo pakati pa Mpamba ndi Joni mphepo ndi yambiri.

Mphepo yoyamba inaomba pamene mlamu anakafunsa mtengo wotumizira katundu pa ndege. Iye ankadziwa kuti usipa wake ndi makilogalamu 4, chifukwa anayeza yekha pa sikelo. Koma makampani onyamula maphukusi pa ndege salipiritsa kulemera kokha, amalipiritsanso malo amene phukusi latenga. Ambiri amayeza katoni m'masentimita, n'kuchulukitsa m'litali, m'lifupi ndi msinkhu, kenako n'kugawa ndi 5,000. Katoni ya usipa ya masentimita 40, 40 ndi 30 imapereka 48,000, ndipo ukagawa umapeza 9.6. Pa nambala ziwirizo, 4 ndi 9.6, amatenga yaikulu. Ndiye kuti usipa wa makilogalamu 4 ukwera ndege ngati wa makilogalamu pafupifupi 10, chifukwa nsomba youma imadzaza katoni koma ndi yopepuka, ndipo sungaipondereze popanda kuisandutsa zinyenyeswa. Ufa ulibe vuto limenelo, koma ndi wolemera pa wokha pomwe mtengo wake ndi wotsika. Ataphatikiza zonse, zotumizira zinaposa mtengo wa katunduyo kutalitali.

"Alamu, ndiye kuti ndege ikudya usipa wanga wonse?" anandifunsa madzulo ake.

Ndinamuuza kuti funso limenelo akanafunsa asanalembe mitengo pa webusaitipo. Mnyamata uja analemba mtengo wa pa benchi, wa munthu wobwera ndi jumbo yake, osatchula kuti zotumizira ndi zapadera. Wogula wa ku Joni anawerenga mtengowo ngati womaliza. Apa ndi pamene pamabadwira mkangano, wina n'kumati mwandikwezera, wina n'kumati mukufuna ndikupatseni ulere.

Apa mundilole nditulutse dandaulo langa la kale. Taona misonkhano yochuluka m'maholo a m'mphepete mwa nyanja muno, yophunzitsa amayi a bizinesi kuti akakhala pa intaneti dziko lonse ndi msika wawo. Amajambulitsa atanyamula masatifiketi, amadya nkhuku, n'kubalalika. Koma za kulemera kwa katoni, za mapepala a pa chipata, za amene aluze katundu akalandidwa, zimenezo sizikhala pa ndandanda. Nanga dziko lonse liti? Mzungu wa ku Ulaya sadzuka pakati pa usiku kulakalaka kondowole. Wogula wa mlamu ndi mwana wa kwathu konkuno, wa ku Chintheche, amene watopa ndi ufa wa m'mashopu a kumeneko. Atonga anayamba kalekale kupita kummwera. Clements Kadalie, amene anayambitsa bungwe la antchito la ICU ku Cape Town mu 1919, anachokera m'boma lomwe lino, kufupi ndi Bandawe. Msika wa kunja wa mayi wa pa Mpamba ndi abale athu a ku Joni, Cape Town, Harare ndi Bulawayo, ndipo njira yowafikira inalipo webusaiti isanabadwe.

Njira yake ndi ya pamsewu. Matransipota ndi mabasi amanyamuka kuno n'kudzera pa Dedza kapena pa Mwanza, kuwoloka Zambezi pa Tete, kulowa Zimbabwe pa Nyamapanda, mpaka pa Beitbridge. Mtengo wake ndi wotsika poyerekeza ndi ndege, koma katundu amakhala masiku angapo pansi pa lona, kudutsa ku Tete kumene kutentha kwake tonse tinakumva. Ufa wa kondowole umachokera ku chinangwa choviika m'madzi, ndipo ngati sunaume bwino umatuluka thukuta m'pulasitiki, n'kufika utaumbika mibulu yonunkha chuku. Kuudziwa n'kosavuta: fumbata ufa m'dzanja n'kutambasula. Ukatsala utagwirana, ubwerere padzuwa. Usipa nawo ukaupinda uzithyoka. Ukangopindika osathyoka, sufika. Komanso zakudya zowoloka malire zimafunsidwa mapepala: za kumunda zimafuna chiphaso cha a zaulimi chotsimikiza kuti zilibe matenda ndi tizilombo, ndipo nsomba nazo zili ndi malamulo ake. Transipota wonena kuti "musadandaule amayi, timadutsa nazo" mufunseni kuti katundu akalandidwa pa chipata alipira ndani, ndipo yankho lake wogula alimve galimoto isananyamuke.

Mphepo ina ndi ya ndalama. Webusaiti ya mlamu silandira makhadi a ku banki, imangoonetsa katundu. Wogula anati atumiza kudzera ku Mukuru, monga amachitira ambiri a ku Joni, ndipo anatumiza chithunzi cha risiti. Chithunzi si ndalama, ngakhale uthenga wa pa foni woti mwalandira si ndalama, pakuti akamberembere amadziwa kulemba wofanana nawo. Munthu azidziimbira yekha *211# ngati ali pa Airtel Money, kapena *444# ngati ali pa TNM Mpamba, aone ndi maso ake kuti ndalama zawonjezereka. Ndipo wina akati "ndatumiza zopitirira, bwezani zotsalazo", foni ilowe m'thumba. Mtengo woperekedwa kwa wa kunja uzikhalanso ndi tsiku lothera. Amene analonjeza mtengo wa makwacha kumayambiriro kwa Novembala 2023 akukumbukira zimene zinawachitikira kwacha itagwa ndi 44 peresenti tsiku limodzi.

Mlamu ndalama anaziona, ufa anauyanikanso, katundu anapita pamsewu ndipo anafika. Phindu lake linali lochepa, atachotsa makatoni, ulendo wa ku Mzuzu ndi bandulo. Panopa pa webusaitipo palembedwa kuti mtengo wotumizira ndi wapadera, kuti katundu anyamuka ndalama zikaoneka, ndiponso tsiku limene transipota amanyamuka. Chimene ndikumukakamiza tsopano ndi choti dzina la webusaitiyo lilembetsedwe m'dzina lake, osati la mnyamata uja. Dzina limeneli ndi la lendi, limalipiridwa chaka ndi chaka, ndipo chikumbutso chake chimapita ku imelo ya amene analembetsa. Mnyamatayo akamaliza sukulu, mukudziwa inunso kumene akupita. Tsiku lina adzakhala ali ku Joni konko akufuna kuitanitsa kondowole kwa azakhali ake, n'kupeza webusaiti inatsekedwa chifukwa iye mwini sanawerenge imelo.